Kompyuta ikakana kuyaka n'kumangolira, imakhala ikunena chiyani?

Mwadina batani, fani yayamba kuzungulira, kagetsi ka kutsogolo kayaka, koma sikirini ili bii. Kenako m'bokosi muja mukumveka kulira kwakufupikufupi, pii, pii, pii, kumati kukasiya pang'ono n'kuyambiranso. Ambiri zikafika apa amangoti kompyuta yapsa, ena amathamangira kukagula hadi disiki yatsopano, enanso amapempha kuti awaikire Windows ina. Zonsezi nthawi zambiri kumakhala kutaya ndalama, chifukwa kompyuta yomwe ikulira chonchi siinafike n'komwe pa hadi disiki, ndipo Windows siinayambe kugwira ntchito. Vuto lili koyambirira kwenikweni, ndipo kulirako ndi njira imene makinawo akukuuzirani pamene aima.

Kuti timvetse, tiyambe taona zimene zimachitika m'masekondi ochepa pakati pa kudina batani ndi kuoneka kwa chithunzi choyamba. Pawa sapulayi, kabokosi kamene chingwe cha magetsi chimalowapo, imasandutsa magetsi a pakhoma kukhala a mphamvu yochepa ya mavoti 12, 5 ndi 3.3. Magetsiwo akakhazikika, imatumiza chizindikiro ku mathabodi kuti zonse zili bwino, ndipo purosesa imadzuka. Purosesa ikadzuka simadziwa chilichonse, kotero imayamba kuwerenga malangizo osungidwa m'kachipu ka pa mathabodi, pulogalamu imene timaiona pa sikirini ndi dzina loti BIOS, kapena UEFI pa makina atsopano. Pulogalamuyi imayendera ziwalo za kompyuta chimodzichimodzi, ntchito imene mabuku a makinawa amailemba kuti POST. Imayamba ndi purosesa yeniyeniyo, kenako ramu, kenako chiwalo chotulutsa zithunzi, ndipo pomaliza imafufuza disiki yokhala ndi Windows kapena Linux n'kuisiyira ntchito.

Ndondomekoyi ndiyo mfungulo wa nkhani yonse. Vuto likapezeka chithunzi chitayamba kale kuoneka, kompyuta imangolemba uthenga pa sikirini, inu n'kuwerenga. Koma likapezeka pa purosesa, pa ramu kapena pa zithunzi penipenipo, palibe polemba. N'chifukwa chake kuyambira pa IBM PC ya 1981, opanga makompyuta anaika kasipika kakang'ono kolira mosiyanasiyana malinga ndi pamene pavuta. Pa makina ambiri, kulira kamodzi kwakufupi kumatanthauza kuti mayeso onse adutsa.

Kulira kapena kagetsi sikakuuzani chiwalo chimene chafa. Kamakuuzani pamene mayeso aimira. Zili ngati basi yochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre imene dalaivala wake amaimba foni pa siteji iliyonse: waimba pa Dedza, waimba pa Ntcheu, kenako zii. Mukudziwa kuti yadutsa pa Ntcheu bwinobwino ndipo siinafike pa Zalewa, koma simukudziwa ngati ndi tayala, mafuta kapena mlatho. Zimene mwapeza ndi dera lokafufuzako, ndipo n'zamtengo wapatali, koma kufufuzako kukadalipo.

Pa mathabodi ambiri a masiku ano ogulidwa paokha, ntchitoyi imagwiridwa ndi timagetsi tinayi tondondozana, kawirikawiri pafupi ndi pulagi yaikulu ya mapini 24 kapena m'mphepete mwa masiloti a ramu. Pambali pake pamalembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT. Kampani ya MSI imatitcha EZ Debug LED, ya ASUS imatitcha Q-LED, ndipo pa ASUS yambiri ka CPU n'kofiira, ka DRAM kachikasu, ka VGA koyera, ka BOOT kobiriwira. Mukayatsa kompyuta yabwinobwino, timagetsiti timayaka kamodzikamodzi motsatana n'kumazima, mpaka tonse titazima. Kuyaka kwa kanthawi kotere si vuto, ndipo anthu ambiri amachita nako mantha pachabe. Kofunika ndi kagetsi kamene katsala kali chiyakire.

Tengani ka CPU. Munthu akakaona kali kofiira, mtima umagwa poganiza kuti chiwalo chodula kwambiri chapita. Komatu purosesa ndi chimodzi mwa ziwalo zosafa wambawamba. Kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti chingwe cha mapini 8, kapena 4, chopatsa purosesa magetsi a mavoti 12, chimene chimalowa pakona yakumtunda ya mathabodi, sichinalumikizidwe kapena sichinalowe mpaka kugwira. Mafani amazungulira ndithu chifukwa amadya kuchokera ku pulagi ina, koma purosesa imakhala ilibe magetsi. Chifukwa china ndi BIOS yakale imene sikuidziwa purosesa yatsopano. Izi zinavuta anthu ambiri pamene mapurosesa a Ryzen 5000 anatuluka mu 2020: ankalowa bwinobwino mu soketi ya AM4 pa mathabodi a B450 opangidwa kale, koma makina osadzuka mpaka BIOS itasinthidwa. Purosesa ndi mathabodi zonse zinali zamoyo.

Ka VGA nakonso kamanamizira khadi ya zithunzi kawirikawiri. Mwina khadiyo siinakhale bwino mu siloti yake, mwina chingwe chake cha magetsi chaiwalika. Mwinanso palibe khadi, ndipo mwini wake walumikiza monita ku mathabodi osadziwa kuti purosesa yake ilibe gawo lotulutsa zithunzi, monga mapurosesa a Intel amene dzina lawo limathera ndi F, mwachitsanzo Core i5-12400F. Mathabodi ena amayatsa kagetsika ngakhale pamene vuto ndi monita yozimitsa chabe kapena chingwe chake chakufa. Ka BOOT ndiye kopatsa chiyembekezo pa tonse, chifukwa kakutanthauza kuti purosesa, ramu ndi zithunzi zadutsa, kwangotsala kupeza disiki yoyambira.

Kulira ndiye kovutirapo, chifukwa makampani sanagwirizanepo chinenero chimodzi. Pa BIOS yakale ya AMI, kulira kasanu kwakufupi kunkatanthauza vuto la purosesa. Pa ya AMI yomweyo yatsopano, yotchedwa Aptio, kulira kasanu nthawi zambiri kumatanthauza kuti makina sanapeze potulutsira chithunzi. Pa BIOS ya Award, kulira kamodzi kwakutali kotsatana ndi kuwiri kwakufupi kumaloza ku zithunzi, pamene m'mabuku a mathabodi ambiri a ASUS, kulira komweko kukamabwerezedwa kumatanthauza kuti ramu siinapezeke, ndipo za zithunzi ndi kamodzi kwakutali ndi katatu kwakufupi. Phoenix ili ndi kawerengedwe kakekake ka m'magulu, monga 1-3-1-1, kulira kamodzi, kupuma, katatu, kupuma, kamodzi, kupuma, kamodzi, komwe kumaloza ku ramu. Munthu amene watenga tebulo lililonse limene wapeza n'kuyamba kuwerengera angathe kugula purosesa pamene vuto linali chingwe cha monita. Tebulo loyenera ndi la m'buku la makina anuwo, lopezeka potsata dzina ndi nambala yolembedwa pa bokosi kapena pa mathabodi.

M'maofesi, m'masukulu ndi m'mashopu osindikiza mapepala kwathu kuno, makompyuta ambiri ndi a HP ndi Dell ogulidwa atagwirapo kale ntchito kunja. Amenewa alibe timagetsi tinayi tija. Amagwiritsa ntchito kagetsi ka batani loyatsira, kamene kamaphethira mowerengeka. Pa Dell OptiPlex 7010, kuphethira kwachikasu katatu, kupuma, katatunso, kumatanthauza kuti ramu siinapezeke, pamene pa ma OptiPlex atsopano uthenga womwewo umabwera ngati kawiri kwachikasu ndi katatu koyera. Kampani ndi imodzi, koma manambala asintha.

Tiyeni titsatire chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tinene kuti pa shopu yosindikiza pali HP Compaq Elite 8300, makina a m'chaka cha 2012 ogwiritsa ntchito ramu ya DDR3, okhala ndi masiloti anayi, ndipo muli maramu awiri a magigabaiti 4 iliyonse. Dzulo inkagwira ntchito, madzulo anaisuntha posesa, ndipo lero m'mawa ikulira, kagetsi ka kutsogolo kakuphethira kofiira, sikirini ili bii.

Choyamba ndi kuwerenga molondola. Makina a HP a m'badwo umenewu amaphethira kamodzi pa sekondi, n'kupuma masekondi awiri, n'kuyambiranso. Musayambire kuwerenga pakati. Dikirani kupumako, muyambire pamenepo, ndipo muwerenge maulendo angapo kuti mutsimikize. Kujambula ndi foni kumathandiza kwambiri, makamaka chifukwa kulirako kumasiya kukabwerezedwa kasanu ngakhale kagetsi kamapitiriza kuphethira. Kuphonya kamodzi kokha kumakusocheretsani, pakuti pa makinawa kanayi ndi vuto la magetsi, kasanu ndi ramu, kasanu n'kamodzi ndi zithunzi. Tinene kuti mwapeza kasanu.

Musanatsegule, onani zimene nambalayi yakuuzani kale. Pawa sapulayi ikupereka magetsi okwanira kudzutsa makina. Purosesa ndi yamoyo moti yawerenga BIOS n'kufika pa gawo la ramu. Hadi disiki siinakhudzidwe, choncho palibe chifukwa choganizira kuti mafayilo a makasitomala atayika. Dera lofufuza lachepa kwambiri.

Zulani chingwe cha magetsi kukhoma, mudine batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, kenako mutsegule bokosi. Gwirani chitsulo cha bokosilo musanakhudze chilichonse m'kati, kuti magetsi a m'thupi, aja amene amathetheka mukavula juzi nyengo yozizira, asawononge tizipangizo. Kabokosi ka pawa sapulayi kokha musakatsegule, chifukwa kamasunga magetsi oopsa ngakhale chingwe chitazulidwa. Ramu iliyonse imagwiridwa ndi tizotsekera kumapeto kwa siloti. Kankhirani tizotsekerato kunja, ramu idzatukuka yokha, ndipo muigwire m'mbali, osati pa timizere tagolide ta m'munsi.

Yang'anani timizereto pa kuwala. Pa ramu ya DDR3 ya kompyuta ya pa tebulo pamakhala timizere 240, ndipo kamodzi kokha kakapanda kugunda bwino, ramu yonse imatha kukanika. Kwathu kuno fumbi la m'chilimwe limalowa paliponse, ndipo likasakanikirana ndi chinyezi cha m'dzinja limapanga kautoto kosaoneka bwino ndi maso. Pukutani timizereto ndi kansalu koyera kopanda ubweya, konyowetsa pang'ono ndi sipiriti wa zamagetsi ngati alipo, mudikire paume. Akatswiri ambiri amapukuta ndi labala yofufutira pensulo, ndipo imagwiradi ntchito, bola mupukute mopepuka n'kuchotsa nyenyeswa zonse. Mu siloti muuzire mpweya ndi chopopera, osati ndi pakamwa.

Tsopano bwezerani ramu imodzi yokha, mu siloti yoyamba, yolembedwa DIMM1 pa mathabodi. Pansi pa ramu pali kampata kamene kayenera kulunjika pa kamfundo ka mu siloti, ndipo kampatako sikali pakati penipeni, choncho ramu imalowa mbali imodzi basi. Kanikizani ndi zala ziwiri kumapeto onse mpaka tizotsekera titadzitsekera tokha n'kumveka kuti khethe. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa chifukwa choopa kuthyola: ramu imaoneka ngati yalowa, koma mbali imodzi yatsala m'mwamba pang'ono, timizere tagolide tikusuzumira. Yatsani. Nthawi zambiri, makamaka pa makina amene angosunthidwa kumene, nkhani imathera pomwepa.

Koma tinene kuti siinathe. Ramu yoyamba ili mu DIMM1, makina ayaka. Mwazimitsa, mwaichotsa, mwaika yachiwiri mu siloti yomweyo, makina ayakanso. Ndiye kuti maramu onse awiri ndi abwino, ndipo mukanagula ina mukanangoluza. Mwaika onse awiri, ina mu DIMM1 ina mu DIMM3 monga zinalili poyamba, kulira kasanu kwabwerera. Tsopano wokayikiridwa ndi siloti yachitatuyo, kapena njira imene imailumikiza ku purosesa.

Kusiyanitsa ziwirizi n'kotheka. Masiloti anayi amagawidwa m'njira ziwiri, masiloti awiri pa njira iliyonse, ndipo DIMM3 ndi DIMM4 zili pa njira imodzi. Siyani ramu yoyamba mu DIMM1, musunthire yachiwiri mu DIMM4. Makina akayaka n'kuonetsa magigabaiti 8 onse, vuto ndi siloti yachitatu yokha, mwina kachitsulo kena m'katimo kapindika kapena kachita dzimbiri, ndipo mukhoza kungoisiya yopanda kanthu n'kupitiriza ntchito. Koma akaliranso kasanu, ndiye kuti njira yonse yafa, ndipo maso ayenera kupita ku purosesa.

Izi zimadabwitsa anthu, koma chifukwa chake n'chomveka. Gawo lolamulira ramu linkakhala pa mathabodi kale, koma AMD inalisamutsira m'kati mwa purosesa mu 2003, ndipo Intel inachita chimodzimodzi mu 2008. Ndiye kuti uthenga uliwonse wopita ku ramu umadutsa pa mapini a soketi ya purosesa. Soketi ya makina athuwa, LGA1155, ili ndi timapini 1155 topyapyala ngati tsitsi, toima mopendekeka. Kamodzi kakapindika, kapena purosesa ikapanda kukhala mofanana chifukwa choziziritsira chamangidwa mothina mbali imodzi, njira imodzi ya ramu imatha kuduka, ndipo makina amanena kuti ramu yavuta, ramuyo ili bwinobwino. Mukachotsa purosesa n'kuunika soketi ndi tochi cham'mbali, timapini tonse timanyezimira mofanana m'mizere, ndipo kopindika kamaoneka ngati kadontho kowala mosiyana ndi anzake. Kuwongola kapini kotere ndi ntchito ya munthu wozolowera, wa dzanja losanjenjemera ndi galasi lokulitsa zinthu. Amene sanachotsepo purosesa ndi bwino aimire apa. Shopu ingathe kugwira ntchito ndi ramu ya pa njira yamoyoyo podikira katswiri, pakuti maramu onse awiri akhoza kuikidwa mu DIMM1 ndi DIMM2, makina n'kumayenda, kungoti liwiro la ramu limatsikako.

Pa makina atsopano a DDR5 pali msampha wina wofunika kuudziwa. Mukangoika ramu kapena kusintha BIOS, mathabodi imatenga nthawi ikuyesa liwiro ndi kayendedwe ka zizindikiro pakati pa purosesa ndi ramu. Nthawi yonseyo kagetsi ka DRAM kamakhala koyaka, sikirini ili yakuda, ndipo pa makina a soketi ya AM5 zimatha kutenga mphindi zingapo ulendo woyamba. Munthu wosadziwa amazimitsa pakati, n'kuyatsanso, n'kuzimitsanso, makina osapeza mpata womaliza. Dikirani kaye mphindi zisanu musanagamule. Ngati kagetsika kanayamba kukakamira mutangotsegula XMP kapena EXPO mu BIOS kuti ramu ithamange kwambiri, ndiye kuti liwirolo lakanika. Bwezerani BIOS pa chiyambi pochotsa kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zochepa chingwe cha magetsi chili chozula.

Mathabodi odulirapo amakhala ndi kasikirini ka manambala awiri, kamene ASUS imakatcha Q-Code ndipo ASRock imakatcha Dr. Debug. Manambalawo amathamanga makina akamadzuka, ndipo imene yatsalira ndiyo yowerenga. Pa BIOS ya Aptio, 55 ndi ramu yosapezeka, ndipo d6 ndi potulutsira chithunzi posapezeka. Amaloza pafupi kuposa kagetsi, koma lamulo ndi lomwe lija: 55 ikhoza kubwera chifukwa cha pini yopindika pansi pa purosesa.

Nanga makina akangoti chete, osalira, osaphethira? Choyamba onetsetsani kuti ali ndi polirira. Mabokosi ambiri a masiku ano sabwera ndi kasipika, ndipo masipika oimbira nyimbo olumikizidwa kumbuyo kawirikawiri satulutsa kulira kumeneku. Pa mathabodi pamakhala mapini anayi olembedwa SPEAKER kapena SPK, ndipo kasipika kolowa pamenepo n'kotchipa, kapena mukhoza kukachotsa m'bokosi lakale lotayidwa. Ndimalimbikitsa aliyense wosamalira makompyuta a pa sukulu kapena pa ofesi kuti azisunga kamodzi m'kabati, chifukwa kamasandutsa makina osayankhula kukhala oyankhula.

Kasipika kakakhalapo, pali kuyesa kumodzi kumene ndimakukonda chifukwa sikufuna chida chilichonse. Chotsani maramu onse, muyatse. Kompyuta yamoyo iyenera kudandaula, kulira kapena kuyatsa kagetsi ka DRAM, chifukwa yafika pa gawo la ramu n'kupeza palibe. Ikadandaula, mwadziwa kuti magetsi, purosesa ndi BIOS zikugwira ntchito, ndipo vuto lili kuyambira pa ramu kupita kutsogolo. Ikakhalabe chete, ndiye kuti siikufika n'komwe pamenepo, ndipo okayikiridwa ndi atatu: pawa sapulayi, mathabodi ndi purosesa. Mwa atatuwa yambani ndi pawa sapulayi, chifukwa ndiyo imalandira nkhonya yoyamba magetsi akamazimazima kapena akabwera mwamphamvu, komanso ndiyo yosavuta kubwereka kwa kompyuta ina n'kuyesera, bola mapulagi afanane, pakuti HP ndi Dell zambiri zili ndi mapulagi akeake. Kuzungulira kwa fani si umboni woti pawa sapulayi ili bwino. Fani imafuna magetsi ochepa, ndipo imatha kuzungulira pamene magetsi akugwa purosesa ikangoyamba kukoka.

Ngati zafika poti mupite nayo kwa okonza, lembani pa pepala dzina ndi nambala ya makina, kuchuluka kwa kulira kapena kuphethira ndi mtundu wa kagetsi, chimene chinachitika makina asanakane, kaya kuzima kwa magetsi, kusunthidwa kapena kuikamo chiwalo chatsopano, ndi zimene mwayesa kale pamodzi ndi zotsatira zake. Wokonza amene wauzidwa kuti maramu onse awiri akuyaka mu DIMM1 koma akukana mu DIMM3 ndi DIMM4 adzapita molunjika ku soketi ya purosesa, ndipo ngati wina angakuuzeni kuti pakufunika hadi disiki yatsopano kapena Windows ina, mudzakhala ndi chifukwa chomufunsa kuti zikugwirizana bwanji ndi kulira kasanu kuja.